Momwe mungajambulire pepala la mafunso kuti funso lililonse liwerengeke

Pepala la homuweki likatumizidwa pa WhatsApp, madandaulo amene amabwera ndi amodzimodzi nthawi zonse: “Funso 7 silikuoneka,” “M'munsimo mwadula,” “Ndi 6 kapena 8 uyu?” Ojambula amanamizira foni kuti ndi yotchipa, koma nthawi zambiri foniyo ilibe mlandu. Foni wamba ya itel kapena Tecno imatha kujambula pepala n'kuwerengeka bwinobwino. Chimene chimalakwika ndi malo amene pepala laikidwa, mbali imene kuwala kukuchokera, ndi kagwiridwe ka foni. Zitatuzi mukazikonza musanadine batani, ntchito yaikulu yatha.

Zofunika kukhala nazo

Foni yokhala ndi kamera yakumbuyo yogwira ntchito.
Kansalu kofewa kouma, kapena nsonga ya chitenje choyera bwino.
Malo osalala: tebulo, benchi kapena pansi pa simenti.
Chinthu chakuda kapena chamtundu umodzi choyala pansi pa pepala, monga chikuto cha buku lalikulu kapena nsalu yopanda maluwa.
Tinthu tolemera pang'ono topsinjira m'makona: makobiri, rabala, timiyala tosalala.
Rula ya kusukulu ya masentimita 30.
Ngati ndi usiku, nyali imene mungathe kuisuntha, monga babu ya sola kapena tochi ya foni ina.

Konzani pepala

1. Liwongoleni. Pepala lochokera m'chikwama cha mwana limakhala lopindidwa kawiri kapena kanayi, ndipo mpindo uliwonse umapanga kamthunzi kake. Lipindireni kumbuyo motsatira mzere womwewo, kenako mulisisite ndi m'mphepete mwa rula lili pa tebulo. Ngati lakwinyika kwambiri, liikeni pansi pa mabuku olemera kwa mphindi zingapo.

2. Yalani chinthu chakudacho n'kuikapo pepala. Pepala loyera likakhala pa tebulo loyera, malire ake amasowa, ndipo mutha kudula mbali ina osazindikira. Musayale chitenje cha maluwa kapena mphasa, chifukwa kamera ikhoza kukopeka ndi mizere yake n'kusiya zilembo zili mbuu.

Chenjezo: ngati pepalalo lasindikizidwa mbali zonse ziwiri ndipo ndi lopyapyala, zilembo za kuseri zimaonekera. Chinthu chakuda chija chimathandizanso pamenepa, chifukwa chikagundana ndi pepala zakuserizo zimazilala. Musalijambule mutalikweza moyang'anitsa ku windo, apo mbali ziwirizo zimasakanikirana.

3. Psinjani m'makona, koma pamalo opanda zilembo. Chala chachikulu n'chimene chimabisa nambala ya funso kawirikawiri, ndiye chichotsenipo muikepo kobiri. M'miyezi ya mphepo, Julaye ndi Ogasiti, psinjani makona onse anayi ngati mukujambulira panja.

Ngati mapepalawo ndi omangidwa ndi sitepulo, pindirani enawo kumbuyo mpaka nambala ya funso loyamba ionekere. Ngati mafunsowo ali m'kope, mbali ya pafupi ndi msoko imatukumuka, ndipo mawu a pamenepo amapindika. Ikani buku lina pansi pa mbali yopyapyalayo kuti mbali zonse zilingane, ndipo jambulani tsamba limodzi basi, osati awiri pakamodzi.

Kuwala ndi mthunzi

Apa m'pamene anthu ambiri amagwa, choncho tikhalitsepo.

Mthunzi umabwera chifukwa chakuti pali chinthu pakati pa kuwala ndi pepala, ndipo chinthucho nthawi zambiri ndi inu nomwe: mutu wanu, mkono wanu ndi foni. Babu ya m'nyumba imakhala kudenga, pepala lili pa tebulo, inu n'kuweramira pakati. Mthunziwo ulephera bwanji kugwera pa mafunso? Kamera nayo imawonjezera vuto. Ikaona mbali yaikulu ya pepala ili mbee, imachepetsa kuwala kwa chithunzi chonse, ndiye kamthunzi kamene maso anu amakaona kopepuka kamatuluka bii.

4. Pezani kuwala kochokera m'mbali kapena kutsogolo kwanu, osati pamwamba kapena kumbuyo. Masana, malo abwino ndi pakhonde kapena pafupi ndi chitseko chotsegula, pamene pali powala koma dzuwa silikuomba pepala. Khalani moyang'ana kumene kuwala kukuchokera, kuti mthunzi wanu ugwere kumbuyo kwanu. Mukafulatira chitseko, mwatseka kuwala ndi msana.

Chenjezo: dzuwa la masana limanyenga. Munthu amaganiza kuti likaomba kwambiri ndiye kuti chithunzi chituluka bwino, koma kuno ku Chipata, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa la 12 koloko limakhala paliwombo penipeni. Foni ikangokhala pamwamba pa pepala, mthunzi wake umagwera pakati penipeni pa mafunso, ndipo kwinako kumawala mpaka zolemba za pensulo kusowa. Pansi pa mtengo wa mango napo si pabwino, chifukwa dzuwa limadutsa m'masamba n'kusiya mawangamawanga pa pepala.

5. Zimitsani fulashi. Dinani kachizindikiro kooneka ngati mphezi mpaka kasonyeze kuti yazima, osaisiya pa Auto. Fulashi imakhala pafupi kwambiri ndi diso la kamera, ndiye kuwala kwake kumagunda pepala n'kubwerera momwemo. Zotsatira zake ndi chibanga choyera pakati ndi mdima m'makona. Pensulo ndiyo imavutika kwambiri chifukwa imanyezimira. Pepala likakhala m'kapulasitiki koonekera mkati, litulutseni, pulasitikiyo imathwanima.

6. Usiku, sunthani nyali kapena sunthani pepala. Ngati babu ili kudenga, musakhale pansi pake penipeni. Kokerani tebulo chapambali, ndipo muime moti babuyo ikhale kutsogolo kwanu kapena kumbali. Magetsi akapita, pemphani wina agwire nyali ya sola kapena tochi chapambali, motalikira pafupifupi mita imodzi, kuwala kuzitsikira pa pepala mopendekera. Akaiyandikiza kwambiri, mbali imodzi imawala ina n'kuda. Akaitsitsa mpaka kulingana ndi tebulo, khwinya lililonse limatulutsa mthunzi. Pakakhala matochi awiri, wina kumanzere wina kumanja, mithunzi imafafanizana ndipo pepala limawala mofanana. Kandulo ayi, kuwala kwake n'kochepa ndipo kumagwedera.

Pali njira inanso imene ine ndimaikonda kuposa zonse nyumba ikakhala ndi babu imodzi yokha. Imikani pepalalo. Limateni pa khoma kapena pa chitseko ndi selotepi m'makona, molingana ndi chifuwa chanu, n'kulijambula mutaima kutsogolo kwake. Kuwala kwa kudenga kumatsika molambalala foni, ndipo mthunzi wake umagwera m'munsi mwa pepala. Mungoonetsetsa kuti babuyo sili kumbuyo kwa mutu wanu.

Konzani foni

7. Pukutani diso la kamera. Foni imakhala m'thumba, imagwiridwa ndi manja a mafuta, ndipo kachidindo ka chala kamodzi kokha kamachititsa chithunzi chonse kuoneka ngati muli nkhungu.

8. Sankhani 4:3. Pamwamba pa sikirini ya kamera kapena m'makonzedwe ake mupeza manambala monga 4:3, 16:9, 1:1 kapena mawu akuti Full. Pepala la A4 ndi la masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali, ndipo 4:3 ndiyo imayandikira kwambiri kapangidwe kameneka. Full imadzaza sikirini n'kuoneka yokongola, koma imachita zimenezo podula m'mbali mwa chithunzi. Mukafuna kuti pepala likwanemo mumakakamizika kutalikira kwambiri, zilembo n'kuchepa. 1:1 ndiyo imadula mutu kapena m'munsi mwa pepala.

9. Yatsani mizere yothandiza. M'makonzedwe a kamera fufuzani Grid, Grid lines kapena Gridlines, malinga ndi foni yanu. Pa sikirini padzaoneka mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa. Mizereyi situluka pa chithunzi, ntchito yake ndi kukuonetsani ngati mwapendekeka. Gwiritsani ntchito kamera ya foni yeniyeniyo, osati ya m'kati mwa WhatsApp, chifukwa yeniyeniyo ndi imene ili ndi zonsezi.

Kugwira foni mosapendekeka

10. Foni igone mofanana ndi pepala. Pepala likakhala choimirira, foninso ikhale choimirira. Msana wa foni uyang'ane pansi molunjika, ndipo diso la kamera likhale pamwamba pa pakati pa pepala. Dziwani kuti disolo limakhala chakumtunda kwa foni, nthawi zambiri chapakona, ndiye musalinganize pakati pa foni, linganizani diso.

Kuti muchite zimenezi muyenera kuimirira, kapena kuika pepala pa mpando kapena pansi. Munthu akajambula atakhala pansi, pepala lili pa tebulo, foni imapendekera yokha kuti iye aone sikirini. Zikatero m'munsi mwa pepala mumatuluka motambalala, kumtunda n'kuwonda ngati denga la nkhokwe. Zilembo za kumtunda zimachepa, ndipo poti zili patali kuposa za m'munsi, kamera imalephera kuzigwira zonse bwino nthawi imodzi.

Pa masamu kupendekeka kumasintha ngakhale funso. Sikweya imasiya kuoneka ngati sikweya, chozungulira chimakhala ngati dzira, ndipo ngodya ya madigiri 90 imatha kuoneka yopitirira kapena yoperewera. Mwana amene akukopera chojambulacho m'kope lake amakopera cholakwika.

Mudziwa bwanji kuti mwalunjika? Yang'anani m'mbali mwa pepala pa sikirini. Mbali ya kumanzere ndi ya kumanja ziyende mofanana ndi m'mphepete mwa sikirini, osati kuyandikirana kumtunda. Ngati kumtunda kwa pepala kukuoneka kowonda, ndiye kuti foni ili cha kwa inu ndipo ikusuzumira kutsogolo. Ikankhireni kutsogolo pang'ono n'kuigoneka mpaka m'lifupi mwa kumtunda mulingane ndi mwa m'munsi. Mzere umodzi wa zilembo utsatane ndi mzere wopingasa wa Grid. Mafoni ena, kuphatikizapo iPhone, amaonetsa timitanda tiwiri pakati pa sikirini foni ikayang'ana pansi. Tikagundana n'kukhala kamodzi, foni yagona bwino.

11. Kwezani foni mpaka makona onse anayi aoneke, ndipo pakhale kampata kozungulira pepala lonse. Kampata kokwana chala chimodzi kapena ziwiri n'kokwanira. Pa mafoni ambiri, A4 imakwana foni ikatalikira pafupifupi masentimita 30 mpaka 35, ndiye imikani rula ija pa tebulo muone poyambira. Musadzaze sikirini ndi pepala mpaka m'mphepete. Dzanja limasuntha pang'ono podina, ndipo chimene chimaduka ndi manambala a mafunso kumanzere kapena malikisi kumanja.

Ngati mthunzi wa foni ukadalipo, kwezani foniyo kufika pafupifupi masentimita 60 n'kudina 2x. Foni ikatalikira, mthunzi wake umazilala ndiponso umasunthira pambali. Koma izi zili ndi malire. Pa mafoni ambiri otsika mtengo, 2x imangodula pakati pa chithunzi n'kukuza, ndiye zilembo zimataya kuthwa kwake. Masana zimatheka, usiku nthawi zambiri ayi. Musapitirire 2x, ndipo 0.5x musaigwiritse ntchito, chifukwa imatha kukhotetsa mizere ya m'mphepete.

12. Gwirani pa sikirini pamene pali zilembo, dikirani sekondi imodzi kapena ziwiri, kenako jambulani. Kugwira pa sikiriniko kumauza kamera malo amene iyenera kuwaonetsa bwino. Gwirani pa zilembo, osati pamalo oyera, chifukwa pamalo oyera kamera imasowa chogwira. Pafupi ndi pamene mwagwirapo pamatuluka kachizindikiro ka dzuwa. Kakwezeni pang'ono ngati pepala likuoneka lotuwa, katsitseni ngati pensulo ikusowa. Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitagunda m'nthiti. Kukakhala mdima kamera imatenga nthawi yotalikirapo kuti itole kuwala, ndiye musasunthe foni msanga mukadina. Jambulani kawiri kapena katatu, mudzasankhe chabwino.

Yang'anani musanatumize

13. Tsegulani chithunzicho, muchikuze ndi zala ziwiri, muyendere makona onse anayi. Pa sikirini yaing'ono chithunzi chilichonse chimaoneka chabwino, cholakwika chimatulukira pokuza. Kenako werengani manambala a mafunso pa pepala ndi pa chithunzi, kuyambira loyamba mpaka lomaliza. Onaninso malangizo a pamwamba, malikisi a m'mbali, ndi kamzere ka m'munsi kamene kamanena kuti mafunso akupitirira kuseri. Pomaliza fufuzani kanthu kakang'ono kwambiri pa pepalalo, kadontho kapena chizindikiro chochotsera. Kakaoneka kameneko, zonse zikuoneka.

14. Tumizani mosachepetsa chithunzi. WhatsApp imachepetsa chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse, ndipo zoyamba kuwonongeka ndi tizilembo ting'onoting'ono. Musanatumize dinani HD pamwamba, kapena tumizani kudzera pa Document kuti chipite momwe chilili. Njira yachiwiriyi imadya bandulo yambiri, kwa inu ndi kwa olandira omwe, ndiye isungireni pepala la zilembo zing'onozing'ono kapena la magirafu. Masamba akakhala angapo, atumizeni mwa ndondomeko yake ndipo pa lililonse mulembepo kuti “tsamba 1 mwa 3”.

Chitsanzo: pepala la masamu la Giredi 7, usiku

Tinene kuti mayi wa ku Kapata akufuna kutumiza pepala la masamu kwa mlamu wake wa ku Katete, kuti mwana wa kumeneko ayesere. Pepalalo ndi A4, lili ndi mafunso 12, asanu ndi atatu kutsogolo, anayi kuseri. Linapindidwa pakati, ndipo funso 5 lili pa mpindo penipeni. Funsolo ndi 4.5 − 1.25. Magetsi apita, m'nyumba muli babu ya sola yokoloweka pa msomali wa m'mwamba.

Chithunzi choyamba ajambula atakhala pa mpando, pepala lili pamiyendo, fulashi ili yoyaka. Pokuza, aona kuti chibanga choyera chagwera pa mpindo, ndipo funso 5 likuwerengeka ngati 45 ndi 125 popanda chizindikiro pakati. Mwana akanaliyankha, koma likanakhala funso lina. Kumtunda kwawonda moti malangizo akuti ntchito yonse ionetsedwe sakuwerengeka, ndipo nambala ya funso 8 yaduka.

Akonza motere. Awongola mpindo ndi rula, aika pepala pa chikuto chakuda cha buku pa benchi, apsinja makona ndi makobiri. Azimitsa fulashi. Aimirira n'kujambulanso, koma tsopano mthunzi wa foni waphimba funso 6 ndi 7, chifukwa benchi ili pansi pa babu. Auza mwana wawo kuti, “Tsitsa babuyo, uime nayo kumanzere kwangaku, uikweze kufika paphewa.” Mthunzi wathawira kumanja, kunja kwa pepala. Mpindo uja, poti ndi wopingasa ndipo kuwala kukubwera motsatira mzere wake, sukutulutsanso mthunzi. Akanaika nyali kumtunda kwa pepala, kuwala kukanadumpha mpindowo n'kusiya kamzere kakuda pa funso 5.

Makona onse tsopano akuoneka, koma pokuza timadontho ta funso 5 tikadali tozilala, poti kuwala kwa sola n'kochepa. Apa sataya nthawi kufunafuna chithunzi chimodzi changwiro. Asunga cha pepala lonsecho kuti chionetse mmene mafunso ayalidwira, n'kuwonjezera ziwiri zapafupi. Atembenuza foni chopingasa, ajambula theka la kumtunda kuyambira mutu mpaka funso 5, kenako theka la m'munsi kuyambira funso 5 lomwelo mpaka 8. Funso la pamalire lioneke lathunthu pa zithunzi zonse ziwiri, kuti pasakhale mzere wogwera pakati. Kenako atembenuza pepala n'kuchita chimodzimodzi ndi mafunso 9 mpaka 12.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kuiwala kuseri kwa pepala. Izi zimachitika kwambiri kuposa mmene mungaganizire, makamaka pamene wojambulayo si amene akuyankha mafunso. Tembenuzani pepala nthawi zonse.

Kudula chithunzi mopitirira pochikonza. Mwajambula bwino, kenako mwafuna kuchotsa tebulo ndi Crop n'kudula pamodzi ndi manambala. Siyani kamzere ka tebulo kazioneka mbali zonse, ndi umboni kwa wolandira kuti palibe chimene chasowa.

Kudalira Scan osayang'ana. Google Drive pa Android ndi Notes pa iPhone zili ndi njira yojambulira mapepala imene imapeza makona yokha n'kuwongola kupendekeka. Ndi yothandiza, ndipo imalumikiza masamba onse mu PDF imodzi. Koma nthawi zina imasokoneza bokosi lozungulira mafunso ndi malire a pepala, n'kutaya zonse zimene zili kunja kwa bokosilo. Kokerani makonawo ndi chala kufika pa makona enieni a pepala. Musasankhe zoti chithunzi chikhale chakuda ndi choyera basi ngati pali pensulo, mapu kapena girafu ya mitundu, chifukwa zozilala zimafufutika ndipo mthunzi umatha kusanduka chibanga chakuda. Scan simabwezanso chilembo chimene fulashi yachiwotcha kale.

Kuyandikira kwambiri pofuna kuti tizilembo tioneke. Makamera ambiri amalephera kugwira chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita 10 kapena chapamenepo. Zikakhala mbuu ngakhale mwagwira pa sikirini, bwererani m'mbuyo pang'ono.

Kujambula sikirini ya foni ina, kapena kutumiza chithunzi chotengedwa pa Status. Chithunzi choterocho chinachepetsedwa kale, ndipo chojambulidwa pa sikirini chimatuluka ndi mizere yonga mafunde. Pemphani amene ali ndi pepala lenilenilo akutumizireni kudzera pa Document.

Kutumiza chithunzi chogona cham'mbali. Foni ikayang'ana pansi imasokonezeka kuti kumtunda n'kuti, ndiye imatha kusunga chithunzi chopingasa kapena chozondoka. Chitembenuzeni ndi Rotate musanatumize.

Kusiya dzina la mwana ndi malikisi ake poyera. Ngati chithunzicho chikupita ku gulu la anthu ambiri, phimbani dzinalo ndi kapepala musanajambule, koma kapepalako kasafike pa mzere wa malangizo.